Uione Mbiri Yako Isanapite kwa Olemba Ntchito

Ukapereka sivii yako kwa ejenti wopezera anthu ntchito, usaganize kuti pepala limenelo ndi lomwe likafike pa tebulo la bwana amene akufuna wantchito. Nthawi zambiri silifika. Ejenti amatenga zimene unalemba, n'kuphatikiza ndi zimene munakambirana pa foni, n'kulemba chikalata china chatsopano pa pepala la kampani yake. Amachotsamo nambala yako ya foni ndi imelo, kuopa kuti bwanayo angakupeze yekha iye n'kutsala manja lende. Pamwamba amaikapo kandime kachidule konena kuti ndiwe yani, uli ndi mapepala anji, wagwira ntchito zaka zingati, ukulandira zingati, ukufuna zingati, ndiponso ungayambe liti. Ndakhala nthawi yaitali kumbali ya olemba ntchito, ndipo ndikuuze zoona: zikalata zikachuluka pa tebulo, ambiri a ife timawerenga kandime kapamwambako mosamala, masamba enawo timangoyendetsamo maso. Ndiye kuti mawu amene akukuyankhulira kwa ife si ako, koma dzina limene lili pamwamba pake ndi lako.

Zili ngati amalume amene apita kukakufunsira mbeta iwe uli kunyumba. Akakanena kuti uli ndi nyumba ya malata pamene ukugona m'gowelo, iwo abwerako atadya nsima, koma wodzachita manyazi ndiwe.

Zolakwika zimalowa m'chikalata chimenechi m'njira zitatu, ndipo ndi bwino kuzidziwa chifukwa iliyonse ili ndi kayankhulidwe kake. Yoyamba ndi makina. Maofesi ambiri a maejenti ali ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene imawerenga sivii yokha n'kugawa zimene yapeza m'timabokosi: apa dzina, apa sukulu, apa zaka. Sivii ikakhala ya mizati iwiri, kapena ikakhala chithunzi chojambula pa foni, pulogalamuyo imasokoneza madeti, n'kuika ntchito ina pansi pa kampani ina. Yachiwiri ndi changu. Kampani imodzi ikhoza kupereka ntchito yomweyo kwa maejenti angapo, ndipo amene wayamba kutumiza dzina lako ndi amene adzalipidwe ukalembedwa, choncho aliyense akuthamanga, akulemba zimene wamva pa foni ya netiweki yodukaduka. Yachitatu ndi yadala. Ejenti salipidwa ndi iwe, amalipidwa ndi kampani yofuna wantchitoyo, ndipo kawirikawiri malipiro ake amakhala gawo la ndalama zimene iwe udzalandire m'chaka choyamba. Kampaniyo ndi kasitomala wake. Sikuti ndi munthu woipa ayi, ambiri ndi anthu olongosoka, koma pali china chimene chimam'koka kuti akukongoletse pang'ono kuti ufanane ndi munthu amene kasitomala wafotokoza.

Tsono nthawi yabwino yopempha kuona chikalatacho si pamene wakaikira kuti china chalakwika. Ndi tsiku loyamba lomwe mwakambirana za ntchitoyo. Ejenti akakufunsa ngati angatumize dzina lako, uyankhe kuti, "Inde, tumizani, koma ndikupempha kuti ndiyambe ndaona zimene mwalemba, ndipo ndikuyankhani pasanathe ola limodzi." Ola limenelo n'lofunika kulitchula. Chimene ejenti amaopa si maso ako koma kuchedwa, ndiye ukam'chotsera mantha amenewo sakhala ndi chifukwa chokanira. Ukalonjeza, usunge lonjezolo, foni ikhale pafupi ndipo mukhale bandulo. Ufunsenso dzina la kampani imene akutumizako, chifukwa maejenti awiri akatumiza mbiri yako ku kampani imodzi, ina ikunena zaka zinayi ina zaka zisanu ndi chimodzi, ife olandira sitifufuza kuti walakwitsa ndani. Timangoika zonse ziwiri pambali.

Kuti nkhaniyi imveke, titenge chitsanzo cha mtsikana wogwira ntchito ya zowerengera ndalama, chifukwa kumeneko n'kumene zolakwika zimaonekera poyera. Tinene kuti anatenga digiri yake ku Polytechnic mu 2019. Mu 2020 anagwira miyezi isanu ndi umodzi ngati wophunzira ntchito pa kampani ina ku Limbe, kenako anakhala pakhomo miyezi ingapo, ndipo kampani yomweyo inam'lemba ngati wothandizira akauntanti mu Malichi 2021. Akulemba mayeso a ACCA ndipo wamaliza 9 mwa 13. Pa pepala lake la malipiro palembedwa K1,050,000 pamwezi, koma akachotsa msonkho, penshoni ndi ngongole ya ku SACCO, imene imalowa ku banki ndi pafupifupi K750,000. Ejenti wam'pezera mwayi ku kampani ina ku Lilongwe, ndipo wam'tumizira chikalata kuti aone. M'chikalatamo mwalembedwa kuti anamaliza ACCA, kuti ndi akauntanti kuyambira 2020, kuti anaphunzira ku MUBAS, kuti akulandira K750,000, ndiponso kuti akhoza kuyamba ntchito nthawi yomweyo.

Ndikudziwa chimene achinyamata ambiri amachita akaona chikalata chotere. Amathamangira kukonza malipirowo chifukwa akuwachepetsa, koma za ACCA zija amazisiya chifukwa zikuwakweza. Mumtima amati, si ine ndalemba. Mwana wanga, cholakwika chokukweza ndi chimene chimaopsa kwambiri, ndipo ndi chimene uyenera kuyamba nacho.

Taona mmene chimagwirira munthu. Kumaliza ACCA si kungokhoza mayeso 13 aja. Pamafunikanso phunziro la makhalidwe a ntchito ndi miyezi 36 ya ntchito yotsimikizidwa ndi woyang'anira, ndipo ngakhale amene wakhoza mayeso onse sanakhale membala kufikira zinazo zitakwanira. Bungweli lili ndi kaundula wa mamembala ake, ICAM nayonso ili ndi wake, ndiye kufufuza ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma kawirikawiri kufufuzako sikuchitika pa intavyu. Kumachitika kalata ya ntchito itatuluka, pamene a ku ofesi yoona za antchito anena kuti bwera ndi masatifiketi enieni tiwaone. Pamenepo n'kuti mtsikana uja atapereka kale kalata yosiya ntchito ku Limbe, mwina atalipira kale nyumba ku Area 25. Amene akum'funsa satifiketi alibe nazo ntchito zoti analemba ndi ejenti. Chimene akuona n'chakuti munthu uyu anakhala pamaso pathu ola lathunthu, ife tili ndi pepala lonena kuti anamaliza, iye osanenapo kanthu. Pa ntchito yosunga ndalama za anthu, kukaikira kumeneko kokha n'kokwanira.

Lamulo nalonso silim'khalira kumbuyo kwenikweni. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa ndime 59, limalola bwana kuchotsa wantchito popanda notisi pa zifukwa zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi kusowa luso limene wantchitoyo ananena, kapena anaonetsa mwa njira ina, kuti ali nalo. Wamva pamenepo: si kunena ndi pakamwa kokha, ngakhale kuonetsa. Ndime 26 imalola nthawi yoyesedwa ntchito yofika miyezi 12 kwa anthu a luso, ndipo m'nthawi imeneyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Ejenti mwina adzabweza gawo la ndalama zimene analandira kapena adzapeza munthu wina m'malo mwake, n'kupitiriza bizinesi yake. Mtsikanayo adzakhala wopanda ntchito ziwiri zonse, komanso adzakhala ndi mlandu ku bungwe la mayeso lija, chifukwa wophunzira saloledwa kudzitcha membala. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayeso 9 mwa 13 si chinthu chobisa. Makampani ambiri amafuna munthu wotere chifukwa ntchito akuidziwa ndipo akadali ndi njala yokwera. Zoona zake zikanam'gulitsa bwino.

Udindo ndi zaka zija ndi nkhani yomweyo koma yocheperako. Ejenti waphatikiza miyezi yophunzira ntchito, miyezi yokhala pakhomo ndi zaka za ntchito yeniyeni n'kuzipanga mzere umodzi wosaduka, n'kuchotsanso mawu akuti wothandizira. Izi zimaululika akaimbira foni ku kampani yakale, kapena akaona chikalata chimene bwana wakale amapereka munthu akamasiya ntchito. Ndime 31 ya lamulo lomwe lija imati chikalatacho chinene utali wa nthawi imene wagwira mosadukiza, udindo umene unali nawo ndi malipiro ako pa tsiku lochoka. Ndiye zinthu zitatu zimene maejenti amakonda kuzisinthasintha zonse zidzabwera pa pepala limodzi losainidwa ndi bwana wako wakale. Ngati ntchito imene umagwira ndi yoposa dzina la udindo wako, monga zimachitikira kawirikawiri, njira yake si kusintha dzinalo. Udindo ukhale umene uli pa kalata yako ya ntchito, koma pansi pake palembedwe zimene umachitadi: kuti umatseka mabuku a mwezi, umakonza zopereka ku MRA, umayang'anira makalaliki awiri. Zimenezo zikhoza kutsimikizidwa ndipo zimayankhula zokha.

Za malipiro ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa apa anthu amataya ndalama zenizeni kwa zaka. Ejenti anafunsa pa foni kuti mumalandira zingati, mtsikanayo n'kutchula imene imalowa ku banki, monga mmene tonse timayankhulira. Koma makampani akamakamba za malipiro amanena ndalama yonse isanadulidwe. Kampani ya ku Lilongwe iwerenga K750,000, iganiza kuti imeneyo ndi yonse, iwonjezera 20 pa 100 iliyonse kuti imukope, n'kulemba kalata ya K900,000. Iwo akuona ngati am'kweza ndi K150,000, pamene zoona zake am'tsitsa ndi K150,000 kuchoka pa K1,050,000 imene ali nayo kale. Akadzati akonze kalata itatuluka, bajeti ya udindowo yavomerezedwa kale ndi mabwana, ndipo iye adzaoneka ngati munthu amene wasintha mtengo ataona kuti amufuna. Chifukwa chake m'chikalata muyenera kulembedwa nambala ya ndalama yonse isanadulidwe, palembedwenso kuti ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, ndipo zina monga alawansi ya nyumba, ya mafuta ndi sikimu ya chipatala zilembedwe padera. Ngati sukufuna kuti malipiro ako a panopa atchulidwe, ukhoza kupempha kuti alembe zimene ukufuna kulandira zokha. Kusatchula ndi ufulu wako, koma nambala yabodza, yokwera kapena yotsika, isakhalemo.

Kuyamba nthawi yomweyo n'kosatheka kwa munthu amene ali pa ntchito. Wolandira pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo makontirakiti ena amanena miyezi itatu. Wochoka popanda notisi amayenera kulipira bwana wake ndalama ya nthawi imeneyo pokhapokha bwanayo atam'khululukira. Tsegula kontirakiti yako uwerenge, usanene za pamtima.

Dzina la sukulu lija likuoneka ngati nkhani yaing'ono, ndipo ejenti anganene kuti ndi sukulu yomweyo. Malo ndi omwewo inde, pa Ginnery Corner pomwe paja, koma mu 2019 Polytechnic inali koleji ya University of Malawi, ndipo satifiketi ya mtsikanayu ili ndi dzina limenelo. MUBAS inayamba kuima payokha mu 2021, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, Chancellor College n'kutsala ndi dzina lakale la yunivesite. Bwana wa ku Lilongwe amadziwa mbiri imeneyi ndipo sangadabwe. Koma chikalata chomwecho chikadzapita ku kampani ya ku Johannesburg kapena ku bungwe lakunja limene limalemba ganyu anthu ofufuza mapepala, wofufuzayo adzangoona kuti dzina la pa chikalata ndi la pa satifiketi n'zosiyana, n'kulemba kuti sizikugwirizana. Lamulo lake n'losavuta: chilichonse chimene chili ndi pepala chilembedwe monga chilili pa pepalalo. N'chimodzimodzi ndi dzina lako. Ngati la pa satifiketi ya MANEB likusiyana kalembedwe ndi la pa chiphaso cha unzika, kapena unasintha utakwatiwa, muuze ejenti tsiku loyamba kuti alembe la pa chiphaso ndipo atchule linalo.

Pali zina zimene suyenera kulimbana nazo. Ejenti akafupikitsa sivii yako, akachotsa ntchito ya ganyu ya kalekale, akasintha ndondomeko ya ndime, akakufotokoza ndi mawu amene iwe sukanasankha, musiye. Imeneyo ndi ntchito yake, ndipo amam'dziwa kasitomala wake kuposa iwe. Ukam'tumizira zokonza makumi awiri, zisanu zofunika zija zidzamira pakati pa zinazo. Dzifunse funso limodzi pa mzere uliwonse: kodi munthu wina atatenga foni kapena pepala kuti atsimikize zimenezi, apeza zomwezi? Ngati yankho ndi ayi, n'chofunika kukonza. Ngati ndi nkhani ya kakomedwe ka mawu chabe, ipite.

Tsopano kapemphedwe kake. Yamba ndi foni kuti chikalata chiime, chifukwa imelo ikhoza kuwerengedwa chitapita kale. Mawu ochepa ndi okwanira: "Mayi, zikomo chifukwa cha chikalata chija. Ndaona zinthu zisanu zofunika kukonza. Chonde musatumize kaye, ndikulemberani pompano." Kenako ulembe. Pa foni pokha sipokwanira, chifukwa netiweki imene inabweretsa cholakwika choyamba ikhoza kubweretsa chachiwiri, komanso tsiku lina udzafuna umboni woti unanena. Ngati mumalemberana pa WhatsApp, lemba pomwepo, koma utumizenso pa imelo, chifukwa foni imatayika. Uthenga wa mtsikana uja, kaya aulemba m'Chichewa kaya m'Chingerezi, ungamveke motere:

"Mayi, zikomo kwambiri pondiganizira pa ntchito imeneyi, ndipo ndikufunitsitsa kuti dzina langa lipite. Chikalata chisanatumizidwe, ndikupempha kuti tikonze izi kuti zigwirizane ndi mapepala anga. Pamene palembedwa kuti ndinamaliza ACCA, palembedwe kuti ndamaliza mayeso 9 mwa 13 ndipo ndikupitiriza. Udindo wanga ndi wothandizira akauntanti kuyambira Malichi 2021. Miyezi isanu ndi umodzi ya mu 2020 ndinali wophunzira ntchito, ilembedwe payokha. Digiri yanga ndi ya University of Malawi, The Polytechnic, 2019. Malipiro anga ndi K1,050,000 pamwezi asanadule chilichonse. K750,000 ija ndi yotsala akadula. Ndikhoza kuyamba patatha mwezi umodzi kuchokera tsiku limene ndalandira kalata ya ntchito. Ndaphatikiza zotsatira za ACCA, satifiketi ya digiri ndi kalata yanga ya ntchito. Mukakonza, chonde nditumizireni ndionenso, ndipo ndiyankha nthawi yomweyo."

Taona zimene uthengawu wachita. Sunafunse kuti analakwitsa ndani. Ukam'funsa munthu chifukwa chimene analembera bodza, adzayamba kudziteteza, ndipo mphindi zimene zikanapita pa kukonza zidzathera pa kukangana. Wapereka mawu enieni oti alowe m'malo mwa olakwikawo, kotero kuti ejenti angokopera osaganiza zolemba. Waphatikiza umboni, ndipo umboniwo ndi chida cha ejenti yemweyo kasitomala akam'funsa. Pa nkhani ya umboni, usatumize zoposa zofunika. Pepala la malipiro ukhoza kuphimba nambala ya akaunti ya ku banki ndi ngongole zako, ndipo masatifiketi enieni kapena pasipoti yeniyeni sizisiyidwa m'manja mwa ejenti aliyense.

Mzere womaliza uja, wopempha kuonanso, ndi umene ambiri amauiwala. Yankho lakuti "ndakonza" si chikalata chokonzedwa. Nthawi zina wakonza m'masamba a m'kati koma kandime kapamwamba kaja kakadali momwe kanalili, ndipo kameneko ndi kamene tidzawerenge. Upemphenso chinthu china chimodzi: kuti akonze ndi m'kaundula wa pa kompyuta wa ofesi yawo. Chikalata cha lero chimachokera m'timabokosi tija, ndipo tikapanda kukonzedwa, patatha miyezi mnzake wa mu ofesi yomweyo adzatulutsa mbiri yako ya ntchito ina ili ndi zolakwika zomwezo, iwe osadziwa n'komwe kuti yapita.

Ndikudziwa mantha amene uli nawo. Ntchito n'zosowa, okhala pa mzere ndi ambiri, ndipo tinaleredwa kuti wamkulu sawongoledwa. Ukuopa kuti ukanena kanthu akuchotsa n'kuika wina. Ejenti wodziwa ntchito yake amathokoza munthu wotere, chifukwa chikalata cholakwika chikagwidwa, iye ndi amene amataya kasitomala, ndipo kasitomala mmodzi amam'patsa ntchito zambiri pa chaka. Ndipo mmene angayankhire pempho lako ndi mmene ungadziwire kuti cholakwikacho chinali cha changu kapena chadala. Wa changu amati pepani, n'kukonza. Wadala amayamba kukunyengerera: kuti aliyense amatero, kuti kasitomala akufuna womaliza ndiye tingokulowetsani pakhomo zinazo mukafotokoza nokha pa intavyu, kuti mayeso anayi otsalawo ndi pafupi kumaliza komwe. Amene akukuuza kuti ukafotokoze wekha akukutuma kuti ukaulule bodza lake pamaso pa anthu amene ukufuna kuti akukhulupirire.

Kwa wotereyu pali njira imodzi yoyesa musanasiyane. Muuze kuti alembe zoona, kenako awonjezere mawu ake kwa kasitomala onena kuti ngakhale munthuyu sanamalize, akum'tumiza chifukwa cha zakutizakuti, ndipo mayeso otsatira alemba mwezi wakuti. Maejenti abwino amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo ife olandira timawerenga mawu otere ndi chidwi chifukwa amaonetsa kuti wotumizayo wam'dziwa munthu wake. Akakana ndi zimenezi zomwe, ulembe mwaulemu kuti sukuvomereza kuti chikalata chipite momwe chililimo, ndipo usunge uthengawo. Zimapweteka, makamaka pamene ukuganiza za lendi ndi fizi ya azing'ono ako. Koma ngati kampaniyo ikufunadi womaliza, ntchitoyo sukanaisunga, ndipo ukanataya ndi imene uli nayo.

Nanga ngati chapita kale? Madzi akatayika sawoleka, koma apa mpata ukadalipo ngati intavyu isanachitike. Upemphe ejenti atumize chikalata chokonzedwa ndi mawu achidule onena kuti choyamba chinali ndi zolakwika za ku ofesi kwawo, ndipo akutsimikizire kuti watumiza. Usam'dumphe n'kulembera kampaniyo wekha pa nthawi imeneyi, chifukwa pali mgwirizano pakati pawo umene iwe sukuudziwa, ndipo kudumphako kukhoza kukuchotsetsa. Koma pa intavyu pakamwa ndi pako. Pita ndi makope a sivii yako yeniyeni. Tchera khutu ku mafunso, chifukwa ndi amene amaulula zimene zili pa pepala lawo. Wina akati, "Popeza munamaliza ACCA," kapena akafunsa za zaka zimene sunagwire, usayankhe funsolo n'kudutsa. Unene pomwepo, modekha: "Pepani bwana, ndikonze pang'ono pamenepo. Ndamaliza mayeso 9 mwa 13. Mwina chikalata chimene muli nacho chalembedwa mosiyana, nayi sivii yanga." Usanyoze ejenti pamaso pawo, ungopereka zoona n'kubwerera ku funso. Ndinaonapo anthu akukonza chotere pa intavyu, ndipo m'chipindamo ulemu wawo unakwera m'malo motsika.

Malamulo okupatsa ufulu wokonzetsa mbiri yako alipo. Ku Malawi lamulo loteteza mbiri za anthu linabwera mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limaliyang'anira. Ku South Africa lamulo la POPIA, pa ndime 24, limakulola kupempha kuti akonze kapena afufute zolakwika zokhudza iwe. Ku Britain ndime 16 ya lamulo lawo la UK GDPR imanena zomwezo, ndipo wopemphedwayo amayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Koma mwezi ndi wautali pa chikalata chimene chikutumizidwa masana ano. Malamulowa agwiritse ntchito pokonzetsa kaundula uja, kapena pouza ejenti wokanika kuti achotse mbiri yako yonse. Usayambe nawo uthenga woyamba.

Kwa iwe amene ukufuna ntchito kunja, nkhaniyi imalemera kuposa apa. Ku South Africa lamulo la mu 2019 lokhudza mapepala a maphunziro linaika chilango chofika zaka zisanu m'ndende kwa munthu wonena kuti ali ndi pepala limene alibe, ndipo bungwe la SAQA, lomwe limaunikanso masatifiketi ochokera kunja monga athu, linapatsidwa udindo wosunga kaundula wa mapepala onamizira. Kumene kukufunika viza, zimene ejenti walemba zimakoperedwa kuchoka m'chikalata chake kupita m'kontirakiti, kuchoka m'kontirakiti kupita m'mafomu a boma, ndipo pa fomu yomalizayo wosaina ndiwe. Deti lobadwa lolembedwa 03/04 ena aliwerenga kuti 3 Epulo, ena 4 Malichi, choncho upemphe kuti mwezi ulembedwe m'mawu. Ika pasipoti yako pambali pa chikalatacho, uwerenge chilembo ndi chilembo, dzina loyamba, la pakati ndi la bambo monga asanjidwira m'pasipotimo, kenako nambala yake ndi tsiku limene ithere ntchito. Zonse zikagwirizana, pamenepo ndi pamene umulembere ejenti kuti atumize.